Ufa pa Kalata Yothetsa Pangano

Makina anga ogayira chiponde ndinawagula ndi ndalama za imfa. Ndinene poyera choncho, chifukwa alipo ena amene akandiona ndikukweza makatoni pa galimoto amayesa ndinachita kutola mwayi panjira. Amuna anga anagwira ntchito pansi pa mgodi ku Kitwe mpaka chifuwa chinawatenga. Ndalama za ku mgodi zitatuluka ndinazigawa patatu: za sukulu ya ana, za denga la nyumba yathu ku Kanini muno mu Ndola, ndipo zotsalazo ndinagulira makina, chokazingira mtedza ndi mabotolo. Ndinaziika mu galaja, ndinalemba amayi awiri a ku Twapia oti azisankha mtedza ndi kumata mapepala pa mabotolo, basi ntchito n'kuyamba. Makinawo akanaima, sindikanakhala ndi mwamuna wina woti afe kuti ndigule ena.

Kugaya ndinkadziwa. Kugulitsa ndiye kunali kundivuta. Ndinalibe lole, ndipo ogulitsa m'magolosale sankafuna kumvera mayi wobwera ndi mabotolo sikisi m'chikwama. Apa m'pamene analowera mbuya wanga.

Kwa amene sanakulire kuno ku migodi, ndifotokoze pang'ono. Ife a kum'mawa ndi Abemba tili pa chimbuya. Timanyozana poyera popanda mlandu. Iwo amati ndife odya mbewa, ife timati ndi akuba odya anyani, ndipo wokwiya ndiye wachita manyazi. Pa maliro ndi pamene chimbuya chimaonekera bwino. Pakagwa zovuta kwa ife, Abemba ndiwo amathamanga ndi nkhuni, ndi za kumanda, kenako n'kutipaka ufa kumaso, kutilipiritsa timakobili m'mbale ndi kutiseketsa misozi ili m'masaya. Zikagwa kwa iwo, ifenso timatero. Mbuya sakanidwa ndipo sakwiyiridwa. Tinakula nazo zimenezo.

Mbuya wangayo anali Mbemba amene anagwira ntchito shifiti imodzi ndi amuna anga. Iye anatuluka msanga mu mgodi, n'kutsegula depoti ku Kitwe, yoperekera sopo, mafuta ophikira ndi maswiti m'magolosale. Pa maliro a amuna anga ndiye anayendetsa zonse. Tsiku lachitatu, ine nditauma ngati chitsa pakona ya chipinda, analowa ndi mbale ya ufa n'kunena kuti, "Mwamuna wanu wathawa ndiwo za mbewa, mwamutopetsa." Ndinaseka koyamba chichitikire zovutazo, ndipo sindinaiwale.

Ndiye atandiuza kuti chiponde changa azichiyendetsa iye m'Kitwe ndi mu Ndola monse, ndinaona ngati Mulungu wayankha. Anabwera ndi pangano la masamba eyiti lolembedwa ndi loya wake. Linkanena kuti kwa zaka zitatu iye yekha ndiye azigulitsa chiponde changa m'mizinda iwiriyi, ine ndisagulitse kwa wina aliyense, ndipo azindilipira pasanathe masiku sate kuchokera tsiku la invoisi. Ndinawerenga tsamba loyamba ndi lomaliza, n'kusaina. Zapakatizo ndinati n'za maloya.

Miyezi inayi yoyamba zinayenda. Kenako masiku sate anakhala fote-faifi, fote-faifi n'kukhala sikisite. Ndikamuimbira foni, asanamve n'komwe chimene ndikufuna, ankayamba iye.

"Odya mbewa mwadzuka? Mwayamba liti kudziwa kalendala inu?"

"Ndadzuka, akuba inu. Ndalama zanga zili kuti?"

"Mwatchula nokha, ndine wakuba. Nanga wakuba amabweza Lolemba? Dikirani Lachisanu."

Tinkaseka tonse, ine n'kudula foni. Ndikadula m'pamene ndinkazindikira kuti ndaseka koma m'manja mulibe kanthu. Lachisanu lake linkafika patapita milungu itatu. Makampani akuluakulu a sopo ndi mafuta ankawalipira pa tsiku lake, chifukwa amenewo ukachedwa amangotseka katundu, sakuseka nawe. Ine ndiye ndinali mtsamiro wake.

Chimene chinkandiwawa kwambiri ndi mtedza. Mtedza wabwino ndimaugula kwathu ku Katete, kudzera kwa msuweni wanga amene amausonkhanitsa kwa alimi ukangouma, cha mu Meyi ndi Juni. Alimi safuna nthano. Mavenda amafika ndi sikelo ndi ndalama m'manja, ndipo amene wachedwa amapeza nkhokwe zapululuka. Chaka chimenecho ndinachedwa, chifukwa ndalama zanga zinali m'thumba la mbuya. Ndinakagula mtedza wodula pa msika muno mu Ndola, wina wofumbwa, amayi aja n'kumataya theka posankha. Ndinawerengera ndekha n'kuona kuti zikachitikanso Meyi wotsatira, makina aima basi.

Tsono mverani uchitsiru wanga. Mu Ogasiti ndinakwiya zenizeni, ndinakhala pansi n'kulemba kalata ndi dzanja langa, yonena kuti ndatopa, pangano latha. Mlungu womwewo kunagwa maliro ku Twapia, a mkulu wina wa kwathu wa mu mpingo, ndipo ndinadziwa kuti mbuya sangalephere kufika. Ndinati m'malo mowononga ndalama ya basi kupita ku Kitwe, ndikamupatsira komweko. Ndinamupeza ali pakati pa Abemba anzake, manja ali mbuu ndi ufa, akulipiritsa anthu. Ndinamukokera pambali n'kumupatsa envulopu.

Anaikweza m'mwamba kuti onse aone. "Onani! Wa kum'mawa wapereka chipepeso cha mu envulopu! Lero kugwa mvula mu Ogasiti!" Anaiponya m'mbale ya makobili, n'kundipaka ufa pamphumi mpaka m'makutu. Anthu anafa nako kuseka. Ine ndinasekanso, nanga pa maliro a eni ake ndikanatani? Koma mumtima ndinati kalata yapita, akaiwerenga kunyumba.

Ndinabwerera ku Kanini ndili wopepuka. Mlungu wotsatira ndinatenga makatoni teni n'kukagulitsa kwa mwini golosale ina yaikulu m'tauni, amene anali atandifunsapo kangapo. Anandilipira pompo. Ndinagona tulo tabwino masiku asanu okha. Tsiku lachisanu ndi chimodzi kunabwera kalata ya loya wa mbuya, ya chidindo, yonena kuti ine ndaphwanya pangano pogulitsa kwa munthu wina, ndisiye msanga, apo ayi andisumira kuti ndilipire phindu limene kasitomala wawo wataya.

Ine! Ine wophwanya pangano! Ndinazungulira galaja katatu ndikuyankhula ndekha, amayi osankha mtedza aja akundiyang'ana ndi malichero awo m'manja. Munthu wadya ndalama zanga miyezi ndi miyezi, lero wakuba ndakhala ine? Ndinafuna kukwera basi nthawi yomweyo kuti ndikamutukwanire pa depoti pake, koma mmodzi wa amayiwo anandigwira mkono n'kunena kuti, "Amayi, pepala limayankhidwa ndi pepala."

Mnzanga wina wa mu kwaya ali ndi mwana wamkazi loya, amene ofesi yake ili m'nyumba ina yakale ku Kansenshi. Ndinapita ndi pangano lija m'pepala la pulasitiki. Mtsikanayo ndinamuona akubatizidwa, koma tsiku limenelo anandikhazika pampando ngati mwana wa sukulu. Anawerenga masamba onse eyiti, ine ndikungodikira.

"Amama, kalata yanu ija munasunga kope lake?"

"Kope la chiyani? Ndinalemba imodzi."

"Munaipereka kuti?"

"Pa maliro."

Anavula magalasi. "Anasainira kuti walandira?"

"Mwanawe, manja ake anali ndi ufa."

Sanaseke. Anatembenuza pangano n'kuloza ndi cholembera ndime ziwiri zimene ndinali ndisanaziwerengepo chisainire. Ndime leveni inali ya kuphwanya pangano. Inkati wina akalakwa, mnzake amulembere chenjezo, ndipo wolakwayo ali ndi masiku fotini oti akonze. Akapanda kukonza, pangano litha kuthetsedwa. Munsi mwake munali kachigawo kena konena za kuchedwa kulipira mobwerezabwereza: ngati wogulitsa walandira machenjezo olembedwa atatu a kuchedwa kulipira m'miyezi thwelofu, mwini katundu atha kuthetsa pangano pomupatsa notisi ya masiku sate, ngakhale atakhala kuti ndalamazo analipira pambuyo pake. Ndime fifitini inali ya kaperekedwe ka makalata. Kalata iliyonse yokhudza pangano inayenera kulembedwa, n'kuperekedwa pamanja ku ofesi yotchulidwa m'panganomo wolandira n'kusainira, kapena kutumizidwa pa positi ya rejisitala, ndipo yapapositiyo inkawerengedwa kuti yafika patapita masiku seveni.

"Ndiye mafoni onse aja?" ndinafunsa. "Mauthenga onse ndinamutumizira aja?"

"Akusonyeza kuti munkadandaula, koma si machenjezo a ndime leveni. Pa pepala, amama, simunamuchenjezepo n'kamodzi komwe. Ndipo kalata ya pa maliro sinathetse kanthu. Pangano lilipo, ndipo amene waliphwanya posachedwapa ndinu."

Ndinafunsa ngati kulandira kwanga ndalama mochedwa nthawi yonseyi sikunandiphere mlandu. Anandionetsa ndime ina yaing'ono chakumapeto, yonena kuti kulekerera cholakwa kamodzi sikuchotsa ufulu wodzachitapo kanthu mtsogolo. Anati loya wa mbuya anaiika kuti iteteze mbuya, koma ndime sidziwa mwini wake. Kenako anandipatsa malamulo atatu. Ndisiye kugulitsa kwa wa golosale uja. Ndisaleke kupereka katundu kwa mbuya ngakhale mtima uwawe bwanji, chifukwa ndikaleka ndiye ndamupatsa ndodo yondimenyera. Ndipo tsiku la sate likangodutsa ndalama osalowa, m'mawa mwake chenjezo lipite. Iye anayankha loya mnzakeyo kuti zogulitsa kwina zaima, ndipo nkhani ya kusuma inazizira pomwepo.

Ndinatuluka mu ofesimo ndili ndi ukali wozizira, umene sindinaudziwepo kale. Ine ndine munthu wopsa mtima msanga, wolalata n'kuiwala. Koma apa ndinagula kalendala yaikulu n'kuikhoma pamwamba pa makina. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinadekha, koma mano ndikukukuta.

Mu Okutobala anachedwa, monga mwa masiku onse. Tsiku la sate-wanu, lotsatira la sate lija, ndinakwera basi ya ku Kitwe ndi makalata awiri ofanana, otchula nambala ya invoisi, ndalama zake, tsiku limene zinayenera kulowa, ndi ndime leveni. Mbuya kunalibe. Kalaliki wake, bambo wofatsa wa tayi yofupika, anasaina pa kope langa n'kudinda chidindo osafunsa kanthu. Madzulo foni inalira.

"Mwayamba kulemba Chingerezi, odya mbewa? Wakulemberani ndani?"

"Anyani a kwanu," ndinatero. "Muli ndi masiku fotini."

Analipira tsiku la satini. Mu Disembala anachedwanso, ndinapitanso, kalaliki anasainanso, ndipo analipiranso tsiku la satini, ngati akundionetsa kuti kalendala amaidziwa kuposa ine. Iye ankaganiza kuti bola akulipira mkati mwa masiku fotini, palibe chimene ndingamuchite. Kachigawo ka machenjezo atatu sanakawerenge. Nayenso, ndinazindikira, anawerenga tsamba loyamba ndi lomaliza.

Kenako anandichititsa mantha. Januwale analipira pa tsiku lake. Febuluwale pa tsiku lake. Kaya loya wake anamutsina khutu, kaya malonda a Khirisimasi anamuyendera, sindikudziwa. Ndinayamba kudzifunsa ngati ndikulakwira munthu amene wasintha. Amayi anga, amene ndinkakhala nawo ku Kanini miyendo itawafooka, anandiuza kuti, "Mwana wanga, mbuya satengeredwa ku mapepala. Ndikadzafa ine, adzakupake ufa ndani?" Ndinawayankha kuti ufa ndili nawo wambiri m'nyumba, chimene ndilibe ndi mtedza.

Mu Malichi anagula lole yachiwiri. Ndinaiona ndi maso anga itaima pa geti panga kudzatenga makatoni, yoyera, mipando ikadali m'mapulasitiki. Ndinangoti chabwino. Tsiku la sate linadutsa, ndalama osalowa. Chenjezo lachitatu linapita, kalaliki anasaina.

Loya wanga uja analemba notisi yothetsa pangano kumayambiriro kwa Epulo. Inali ya tsamba limodzi ndi theka, yopanda mawu okometsera. Inatchula pangano ndi tsiku limene tinasainirana. Inandandalika machenjezo atatu aja, lililonse ndi tsiku lake ndi invoisi yake. Inati motsatira ndime leveni, pangano lidzatha pakapita masiku sate kuchokera tsiku lolandira kalatayi, ndipo kalatayi ikuperekedwa motsatira ndime fifitini. Inawonjezera kuti mpaka tsikulo ine ndipitiriza kupereka katundu monga mwa pangano, kuti ndalama zonse za katundu amene watengedwa zidzayenera kulipidwa ndithu, ndi kuti kulandira kwanga ndalama ina iliyonse sikudzatanthauza kuti notisi yabwezedwa.

"Tiitumize pa rejisitala," anatero loya. "N'zosavuta."

"Rejisitala idya masiku seveni. Seveni kuphatikiza sate, tafika pakati pa Meyi. Mavenda adzakhala atayamba kale kuzungulira ku Katete."

"Ndiye tichite zonse ziwiri. Imodzi ipite pa positi lero, ikhale yotchinjiriza. Inayo mupite nayo pamanja. Akasaina, masiku ayamba kuwerengedwa pomwepo. Koma amama, musakatukwane munthu."

Ndinamulonjeza kuti sinditukwana. Za ufa sanandifunse.

Ndinafika pa depoti cha m'ma naini. Kalaliki atangondiona anaimirira n'kubisa manja kumbuyo ngati ndabwera ndi njoka.

"Amayi, pepani. Abwana anena kuti chilichonse chochokera kwa inu ndisasainenso."

"Ali mkati?"

"Ali pa msonkhano."

"Ndidikira."

Ndinakhala pa benchi ya pakhonde, chikwama pamiyendo. Malole ankalowa ndi kutuluka, onyamula katundu akundiyang'ana chammbali. Makatoni anga ndinkawaona ataunjikidwa pakona, mapepala ake omata ndi manja a amayi a ku Twapia. Teni inakwana, thwelofu inakwana. Kalaliki anandibweretsera madzi mwamanyazi. Njala inandigwira koma sindinasunthe, chifukwa ndinadziwa kuti ofesiyo ili ndi khomo limodzi, ndipo Mbemba sangapirire njala kuposa ine.

Cha m'ma fotini awazi, thu koloko masana, chitseko chinatseguka. Anatuluka akuseka kale, manja ali m'mwamba, mawu okweza kuti anyamata ake onse amve.

"Aa! Ndimati kununkha chiyani pakhonde panga, kani ndi mbewa zowamba! Mwabwera kudzapempha ntchito?"

Onyamula katundu anaseka. Kale ndikanabweza, iye n'kubwezanso, mpaka nkhani n'kusungunuka. Ndinaimirira, ndinatsegula chikwama, n'kutulutsa kapepala ka pulasitiki ka ufa woyera umene ndinatapa m'thumba la kunyumba m'mawa. Ndinatapa dzanja lodzaza, n'kumupaka pamphumi, m'masaya, mpaka pa kolala ya shati yake ya buluu.



"Ndabwera pa maliro, ambuya," ndinatero. "Pangano lanu lamwalira. Ladwala kuyambira Okutobala, munalandira uthenga katatu. Ofedwa ndinu, wopaka ufa ndine. Mbale yanga ndi iyi." Ndinamutambasulira makalata awiri aja ndi cholembera. "Sindikufuna makobili. Sainani apa kuti mwalandira."

Wina kumbuyo anaphulika kuseka, ena n'kutsatira. Anyamata akewo ambiri anali Abemba, mwambo ankaudziwa kuposa ine. Mmodzi anakuwa kuti, "Abwana, mbuya sakanidwa!" Ndinamuona mbuya wanga akufunafuna pothawira. Akanakwiya, ndiye kuti wakwiyira mbuya pamaso pa anthu ake, chinthu chimene iye mwini anakhala akundiphunzitsa zaka ziwiri kuti sichichitika. Akanaseka, ndiye kuti asaine. Ndodo imene ankandimenyera ija ndinali nditaigwira ine.

Anaseka, koma kuseka kwa mano okha. Anatenga kalata n'kuiwerenga yonse ataimirira, ufa ukugwera pa pepala. Atafika pa machenjezo atatu aja anasiya kuseka. Anatsitsa mawu kuti ena asamve.

"Mulamu, zoona? Ine amene ndinaika mwamuna wanu m'manda?"

Mawu amenewo anandilasa, ndisaname. Koma ndinali nditawayembekezera ulendo wonse wa mu basi.

"Munamuika, ndipo ndidzakuthokozani mpaka nane ndidzaikidwe. Koma makina aja ndiye chimene anandisiyira. Simuika awiri onse."

Anasaina. Analemba tsiku ndi nthawi, kalaliki n'kudinda. Pa kope langa, pambali pa siginecha, panatsala chidindo cha chala chake cha ufa, ndipo sindinachipukute.

Masiku sate amenewo anali aatali kuposa chaka. Loya wake analemba kalata yonena kuti machenjezo aja anakonzedwa onse mkati mwa masiku fotini, choncho palibe chifukwa chothetsera pangano. Loya wanga anayankha ndi mizere isanu, kumulozera kachigawo kaja kamene iye mwini analemba. Sanayankhenso. Kunabwera akuluakulu awiri a mu mpingo kudzandiuza kuti nkhani za pachibale zimakambidwa pa mphasa. Ndinawaphikira tiyi, ndinawapakira chiponde pa buledi mokhuthala, n'kuwafunsa kuti pa miyezi yonse imene ndinkalira ija mphasayo inali kuti. Anamwa tiyi wawo n'kunyamuka. Lole ya mbuya inkabwerabe Lachiwiri lililonse, ine n'kumakweza makatoni monga mwa pangano, osachotsapo ngakhale botolo limodzi.

Tsiku la sate litadutsa, m'mawa mwake ndinali pa khomo la golosale ija m'tauni ndi makatoni twente. Masana ndinali ku ina. Pofika Loweruka ndalama zinali zitapita kwa msuweni wanga ku Katete. Mavenda anali atadutsa kale m'midzi iwiri, koma m'midzi inayo tinawayambirira, ndipo matumba anafika ku Kanini mu Juni, mtedza wofiira, wouma bwino, woti ukautafuna umalira. Mbuya anamaliza kulipira zotsala zake mu Julayi, mochedwa monga mwa khalidwe lake, kudzera kwa maloya. Makina sanaime, ndipo mpaka lero akulira m'galaja muja.

Amayi anga anamwalira chaka chotsatira, nthawi ya dzinja. Abemba a mu mpingo ndi oyandikana nawo anabwera mwaunyinji, anatenga khitchini, anathamanga ndi za kumanda, anapaka ufa azichimwene anga mpaka kuoneka ngati zigayo. Tsiku loika, tili pabwalo, ndinaona galimoto ya mbuya ikuima pa msewu. Ndinapukuta nkhope ndi chitenje, kuikonzekeretsa. Ndinali nditakonza kale ndi yankho loti ndimubwezere akayamba za mbewa.

Anadutsa pakati pa anthu, suti yakuda, manja oyera bwino opanda kanthu. Anafika pamene ndinakhala, anagwada pang'ono mwaulemu, n'kuika envulopu m'mbale.

"Pepani, madamu," anatero. "Mulungu akutonthozeni."

Anakakhala kwa azibambo, ndipo mwambo utatha anapita osatsanzika.

Madamu! Munthu amene kwa zaka makumi awiri sananditchulepo china koma wodya mbewa. Ndinalira pamenepo kulira kwina, kosiyana ndi kwa amayi anga, ndipo amayi a mu kwaya anandigwira mapewa osadziwa kuti ndikulira maliro awiri. Amayi anali atandifunsa kuti adzandipake ufa ndani, ndipo yankho lake ndinaliona tsiku limenelo.

Koma bokosi limene amayi anagonamo ndinagula ndekha, la mtengo wabwino, ndi ndalama za chiponde zimene zinalowa pa tsiku lake. Sindinaimbire munthu aliyense foni kuti ndimve za Lachisanu. Kope la notisi ija lili m'sutikesi limodzi ndi kalata ya ukwati wanga, ufa uja ukadalipo pang'ono pambali pa siginecha. Akanati nthawi ibwerere, ndikanakweranso basi yomweyo, ndi ufa womwewo m'chikwama.